Intaneti ikamafooka nthawi ndi nthawi: kuyeza, kupeza chifukwa, ndi kulembera kampani uthenga wokhala ndi umboni

Mwaimba foni kachitatu tsopano ku kampani yomwe imakugulitsani intaneti. Wolandira foni, mwaulemu wake wonse, wakuuzani zomwe zija: zimitsani rauta, dikirani pang'ono, muyatsenso. Mwatero, ndipo popeza mwaimba m'mawa, intaneti yayendadi bwino. Dandaulo latsekedwa. Ikangokwana 8 koloko usiku, kachizindikiro kozungulira kaja kayambiranso kuvina pa sikirini, vidiyo yaima, kalata yomwe mumafuna kutumiza yakana kupita.

Ine ndimaika ndi kukonza marauta m'nyumba ndi m'maofesi ang'onoang'ono, ndipo nkhani iyi imandipeza sabata iliyonse. Chimene ndaona n'chakuti mawu akuti "intaneti ikuchedwa" sapatsa injiniya poyambira. Iye amafuna kudziwa kuti ikuchedwa liti, yatsika kufika pati, ndiponso ngati vutolo silili m'nyumba mwanu momwemo. Uthenga woyankha mafunso atatuwa ndi umene umadutsa pa tebulo la wolandira mafoni n'kufika kwa anthu ogwira zingwe.

## Yambani mwayeza bwino

Kuyeza kosasamala n'kosavuta kukana. Akakufunsani kuti munayezera pa chiyani, inu n'kuyankha kuti pa foni muli kuchipinda, nkhani yathera pomwepo, adzati ndi waifai yanu. Choncho tsatani izi nthawi iliyonse:

- Lumikizani laputopu ku rauta ndi chingwe. Ngati mulibe laputopu, yezerani pa foni mutaima pafupi ndi rauta, ndipo foniyo ikhale yomweyo masiku onse.
- Chotsani ena onse pa waifai kwa mphindi zochepa, kuphatikizapo wailesi yakanema ndi mafoni a ana.
- Zimitsani `VPN` ngati muli nayo, ndipo onetsetsani kuti kompyuta sikudzitsitsira yokha mapulogalamu atsopano.
- Gwiritsani ntchito choyezera chimodzi, monga `speedtest.net` kapena `fast.com`. Pa `speedtest.net` sankhani seva imodzi, yomwe ndi kompyuta yakutali imene choyezera chimalumikizana nayo, ndipo musaisinthe.
- Lembani tsiku, nthawi, ndi manambala atatu: `Download`, `Upload` ndi `Ping`. Jambulaninso sikirini, wotchi ikuoneka.

`Download` ndi liwiro la zinthu zobwera kwa inu, `Upload` ndi la zochoka kwa inu, ndipo `Ping` ndi nthawi imene kauthenga kamatenga kupita ku seva n'kubwerera. Awiri oyambawo akakhala okwera ndiye bwino, koma `Ping` imafunika yotsika.

Pali chinthu chimodzi chimene chimachititsa manyazi anthu ambiri. Kampani imagulitsa liwiro m'mamegabiti, olembedwa `Mbps`, pomwe kompyuta ikamatsitsa fayilo imaonetsa mamegabaiti, olembedwa `MB/s`. Megabaiti imodzi ndi mamegabiti 8. Ndiye ngati mumalipira 20 `Mbps` ndipo fayilo ikutsika pa 2.3 `MB/s`, palibe amene akukuberani, mukulandira pafupifupi zonse. Musalembe dandaulo pa zimenezo.

Yezani katatu patsiku kwa masiku asanu ndi awiri: m'mamawa, masana, ndi usiku pa nthawi imene vuto limabwera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuyeza kwa m'mamawa kumaoneka ngati kutaya nthawi chifukwa intaneti imakhala ili bwino, koma ndiko kumasonyeza kuti rauta yanu, chingwe chanu ndi laputopu yanu zimatha kufika pa liwiro lonse. Dziwaninso kuti kuyezaku kumadya bandulo. Pa 18 `Mbps`, masekondi 15 okha amatha mamegabaiti oposa 30, ndiye sabata yonse ikhoza kukudyerani theka la gigabaiti kapena kuposerapo.

## Chizindikiro choyamba: m'mawa ili bwino, usiku yafooka

Ili ndilo vuto lofala kwambiri, makamaka kwa amene rauta yawo imagwiritsa ntchito simukadi. Zifukwa zake, kuyambira chofala kwambiri:

1. Anthu achuluka pa nsanja imodzi. Nsanja ya netiweki ili ngati mpope wa m'mudzi: madzi ake ndi omwewo, kaya pabwere anthu atatu kaya makumi atatu. Kuyambira cha m'ma 6 koloko madzulo mpaka 10 koloko usiku aliyense wafika pakhomo ndipo watsegula vidiyo, ndiye aliyense amalandira kagawo kochepa. M'malo othinana ngati Ndirande, Kawale kapena Chibavi zimaoneka msanga kusiyana ndi kumene nyumba zili patalipatali. Ngakhale pa faiba zimachitika, chifukwa chingwe chimodzi chochoka ku makina a kampani chimagawidwa ku nyumba zambiri.

Kuti mutsimikize, tsegulani tsamba la rauta yanu. Adiresi yake imalembedwa pansi pa rauta, kawirikawiri `192.168.8.1`, `192.168.0.1` kapena `192.168.1.1`. Fufuzani nambala yotchedwa `RSRP`, yomwe ndi mphamvu ya siginolo yochokera ku nsanja. Imalembedwa ndi kamzere kutsogolo, ndipo imene ili pafupi ndi ziro ndiyo yabwino: -80 ndi yamphamvu, -95 ndi yapakati, -110 ndi yofooka kwambiri. Ilembeni m'mawa ndi usiku. Ngati `RSRP` siikusintha koma liwiro latsika kuchoka pa 18 kufika pa 2, siginolo ilibe mlandu. Nsanjayo yadzaza.

Zimenezi simungazikonze nokha. Mungayese kusunthira rauta ku windo la mbali ina kuti igwire nsanja ina, ndipo nthawi zina zimathandiza, koma zenizeni n'zakuti kampani iwonjezere mphamvu pa nsanjayo kapena ikusunthireni ku mtundu wina wa intaneti. Apa ndi pamene uthenga wolembedwa bwino umagwira ntchito.

2. A m'nyumba mwanu momwemo. Usiku ndi nthawi imenenso onse a pakhomo amakhala pa mafoni. Wailesi yakanema imodzi yoonetsa zithunzi zowala bwino imatha kutenga 5 `Mbps` yokha. Pa tsamba la rauta pali mndandanda wa zipangizo zolumikizidwa. Ziwerengeni. Ndinapitapo pa nyumba ina pomwe mwini wake ankalumbira kuti pa waifai pali anthu anayi, koma mndandanda unaonetsa zipangizo zoposa khumi. Mwana anali atapatsa mnzake pasiwedi, mnzakeyo n'kupatsa a nyumba yoyandikana. Sinthani pasiwedi, muyezenso usiku womwewo muli nokha.

3. Mawaifai a oyandikana nawo akusokonezana ndi yanu. Izi zimachitika m'nyumba zogundizana. Mukayeza ndi chingwe n'kupeza liwiro labwino pomwe pa waifai n'pofooka, vuto ndi limeneli. Pa tsamba la rauta, pamene palembedwa `Channel`, yesani 1, 6 kapena 11, kapena lumikizani zipangizo zanu ku waifai ya `5 GHz` ngati rauta ili nayo.

## Chizindikiro chachiwiri: yafooka usana ndi usiku kuyambira tsiku linalake

1. Mwapyola malire a bandulo. Mabandulo ambiri otchedwa opanda malire ali ndi malire obisika m'malamulo olembedwa ting'onoting'ono, pansi pa mutu wakuti `Fair Usage Policy`. Mukafika pa magigabaiti amene anaika, sakudulani, amangotsitsa liwiro mpaka mwezi utathe. Mungadziwe chifukwa nambala yake imakhala yosasuntha: m'mawa 1 `Mbps`, masana 1, usiku 1, ngati yojambulidwa ndi rula. Kuchuluka kwa anthu pa nsanja sikupereka nambala yoongoka chotero. Onani zimene mwagwiritsa ntchito mwezi uno. Ngati simunafike pa malirewo koma liwiro latsitsidwa, lembani uthenga, muikemo chithunzi cha bandulo yotsala.

2. Siginolo yafooka. Mwina rauta yasunthidwa pokolopa, mwina mlongoti wapadenga wapotoka ndi mphepo, mwina woyandikana naye wakweza nyumba yosanja pakati pa inu ndi nsanja. Onani `RSRP` ija, komanso `SINR`, yomwe imasonyeza ngati siginolo ikumveka bwino pakati pa phokoso la masiginolo ena. `SINR` yoposa 13 ndi yabwino, ikayandikira ziro liwiro limagwa ngakhale timizere ta netiweki titadzaza. Timizereto musamatikhulupirire kwambiri. Sunthani rauta pang'onopang'ono, dikirani mphindi imodzi paliponse, muone pomwe manambala akukwera. Onaninso ngati rauta sinagwere pa `3G` m'malo mwa `4G`.

3. Chingwe kapena doko, kabowo kolowetsamo chingwe, lawonongeka. Ngati mumalipira liwiro loposa 100 `Mbps` koma choyezera chimaima cha pa 94 nthawi zonse, chingwe kapena doko likuyenda pa malire a 100. Yesani chingwe china cholembedwa `Cat5e` kapena `Cat6`.

4. Faiba yapindika kapena yaphwanyika. Kachingwe ka faiba n'kagalasi mkati, sikafuna kupindidwa ngati waya wa magetsi kapena kupanidwa ndi chitseko. Ngati pa kabokosi ka faiba nyali yolembedwa `LOS` yayaka mofiira, kuwala sikukufika. Apa lekani, itanani a kampani.

## Chizindikiro chachitatu: pabalaza ili bwino, kuchipinda yafooka

Ili si vuto la kampani, ndipo mukawalembera mungodzichotsera ulemu pa tsiku limene mudzakhale ndi dandaulo lenileni. Makoma a njerwa zootcha ndi simenti amadya waifai, makamaka ya `5 GHz`. Chotsani rauta kuseri kwa wailesi yakanema kapena m'kabati, muiike pamalo okwera pakati pa nyumba. Ngati nyumba ndi yaikulu, kokerani chingwe kuchipindako muikeko kachipangizo kena kofalitsa waifai.

## Chizindikiro chachinayi: choyezera chikuti zili bwino, koma mawu akuduka polankhula

Msonkhano wa pa vidiyo sufuna liwiro lalikulu, umafuna kuti timauthenga tizifika tonse komanso pa nthawi yake. Choyezera liwiro chikhoza kukupatsani nambala yosangalatsa pamene timauthenga tina tikutayika m'njira. Pofufuza, pa kompyuta ya Windows tsegulani `cmd` mulembe izi, mzere umodzi pa nthawi:

```
ping -n 50 192.168.8.1
ping -n 50 8.8.8.8
```

Pa mzere woyamba ikani adiresi ya rauta yanu. Pa Mac kapena Linux lembani `-c` m'malo mwa `-n`. Mzere woyamba ukuyeza njira yochoka pa laputopu kufika pa rauta, wachiwiri ukuyeza njira yotuluka kunja kudzera ku kampani. Pamapeto pake kompyuta imakuuzani kuti pa timauthenga 50 tatayika tingati, pamene palembedwa `Lost` pa Windows, kapena `packet loss` pa Mac ndi Linux.

1. Wina akutumiza zinthu zambiri. Foni imene ikukweza zithunzi ndi mavidiyo a ukwati ku malo osungira a pa intaneti imadzaza njira yotulukira, ndipo mawu anu amaima pamzere kudikira. Pa `fast.com`, mukadina `Show more info`, mumaona manambala awiri a `Ping` ija, `Unloaded` ndi `Loaded`. Wachiwiriyo akakwera kwambiri kuposa woyamba, ndiye kuti njira ikangodzaza zonse zimaima. Imitsani foniyo pa nthawi ya msonkhano.

2. Waifai ikutaya timauthenga. Mzere woyamba ukaonetsa zotayika, vuto lili m'nyumba. Pa chingwe, rauta imayenera kuyankha pa milisekondi imodzi kapena ziwiri, osataya kalikonse.

3. Njira ya kampani ikutaya timauthenga. Mzere woyamba uli bwinobwino, wachiwiri wataya atatu kapena asanu pa 50. Uwu ndi umboni wamphamvu kuposa wina uliwonse, chifukwa ukusonyeza malire enieni pomwe zanu zathera ndi pomwe zawo zayambira. Jambulani mizere iwiriyo pa chithunzi chimodzi.

## Chizindikiro chachisanu: seva ya m'dziko muno ikuthamanga, masamba akunja akukwawa

Malawi alibe nyanja yamchere, ndiye intaneti yathu imadutsa m'zingwe za pamtunda kudzera m'maiko oyandikana nafe monga Tanzania ndi Mozambique isanakalowe m'zingwe za pansi pa nyanja ya Indian. Mukayeza pa seva ya ku Lilongwe kapena ku Blantyre mukuyeza kachigawo kakafupi chabe ka ulendowo. Yezani kawiri motsatizana, koyamba pa seva ya m'dziko muno, kachiwiri pa ya ku Johannesburg kapena ku London. `Ping` yokwererapo pa seva yakutali n'chinthu chachibadwa, mtunda ndi mtunda. Koma ngati liwiro la kunja limagwa usiku uliwonse pomwe la m'dziko muno silisintha, n'kutheka kuti njira ya kampani yotulukira kunja ndi imene ikudzaza, ndipo muyenera kulemba manambala a maseva onse awiri mu uthenga wanu.

Chifukwa chosachitika kawirikawiri ndi kuduka kwa chingwe chachikulu. Pa 12 Meyi 2024 zingwe za pansi pa nyanja za EASSy ndi SEACOM zinawonongeka kufupi ndi gombe la KwaZulu-Natal ku South Africa, ndipo intaneti inafooka m'maiko angapo a kum'mawa kwa Africa, Malawi ali momwemo. Zikatere aliyense amadandaula nthawi imodzi, ngakhale a makampani osiyana. Funsani anzanu awiri kapena atatu musanalembe, chifukwa pa masiku otere uthenga wanu sungafulumizitse sitima yokonza zingwe.

## Chizindikiro chachisanu ndi chimodzi: magetsi akazima, intaneti imafooka

Rauta yanu ili pa batire kapena pa sola, yayaka bwinobwino, koma liwiro lagwa. Kawirikawiri n'chifukwa chakuti nsanja yapafupi yazima mabatire ake atatha kapena jenereta italephera kulira, ndipo rauta yanu yathawira ku nsanja yakutali pamodzi ndi mafoni a dera lonse. Onani pa tsamba la rauta nambala yotchedwa `Cell ID` magetsi ali oyaka, muionenso atazima. Ikasintha, `RSRP` n'kutsikanso, mwapeza chinthu chimene injiniya angachigwiritse ntchito tsiku lomwelo. Lembani nthawi imene magetsi anazima ndi nthawi imene liwiro linagwa. Ngati pamadutsa maola awiri pakati pake masiku onse, ndiye kuti mabatire a pa nsanjapo amatha pa maola awiri.

Koma onaninso batire lanu. Rauta yolandira magetsi ochepa imadzizimitsa n'kudziyatsa yokha, ndipo inu mumaona ngati netiweki ikuduka.

## Kulemba uthengawo

Tiyerekeze kuti mumakhala ku Zomba, muli ndi rauta ya simukadi, mumalipira bandulo ya pamwezi yolembedwa kuti liwiro lake limafika 20 `Mbps`, ndipo mwapeza kuti vuto lanu ndi la chizindikiro choyamba chija. Mwayeza sabata yathunthu. Uthenga wanu ukhoza kukhala wotere, kaya mwaulemba m'Chichewa kaya m'Chingerezi:

> Mutu: Intaneti ikufooka usiku uliwonse, akaunti nambala yakutiyakuti, Zomba
>
> Kwa akuluakulu oona madandaulo a makasitomala,
>
> Ndine kasitomala wanu pa akaunti imene ndalemba pamwambapa, ndipo ndimalipira bandulo ya pamwezi ya 20 `Mbps`. Kwa masabata atatu tsopano intaneti imafooka kwambiri kuyambira cha m'ma 18:30 mpaka 22:30 tsiku lililonse. Ndinaimba foni pa 24 ndi pa 27 Febuluwale, ndipo maulendo onse awiri ndinauzidwa kuzimitsa ndi kuyatsa rauta. Ndinatero koma sizinasinthe.
>
> Kuyambira pa 3 mpaka pa 9 Malichi ndayeza katatu patsiku pa `speedtest.net`, pa seva imodzi ya ku Blantyre, laputopu italumikizidwa ku rauta ndi chingwe, waifai itazimitsidwa. Manambala a `Download` ndi awa:
>
> | Tsiku | 06:30 | 13:00 | 20:30 |
> |---|---|---|---|
> | Lolemba, 3 | 17.8 | 12.5 | 2.1 |
> | Lachiwiri, 4 | 18.4 | 13.1 | 1.6 |
> | Lachitatu, 5 | 17.1 | 11.9 | 2.4 |
> | Lachinayi, 6 | 18.0 | 12.8 | 1.9 |
> | Lachisanu, 7 | 17.6 | 12.2 | 1.2 |
> | Loweruka, 8 | 18.7 | 10.4 | 1.5 |
> | Lamulungu, 9 | 18.2 | 13.6 | 2.6 |
>
> M'mawa ndimalandira pafupifupi 18, koma usiku pafupifupi 1.9, yomwe siikufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a zimene ndimalipira. `Ping` m'mawa imakhala cha pa 45, usiku imapyola 300. Pa nthawi yomweyo rauta imayankha laputopu pa milisekondi imodzi osataya kalikonse. `RSRP` imakhala cha pa -92 usana ndi usiku, `Cell ID` siisintha, ndipo bandulo yanga sinafike pa malire. Zithunzi za zonsezi ndaziika pa uthenga uno.
>
> Ndikupempha zinthu zitatu. Mundipatse nambala ya dandaulo lino. Mainjiniya anu aone kuchuluka kwa anthu pa nsanja imene ndimalumikizidwako pakati pa 18:30 ndi 22:30, ndipo mundiuze zimene apeza pasanathe masiku asanu ndi awiri. Ngati vutoli silingathe msanga, mundiuze ngati mungandisunthire ku mtundu wina wa intaneti kapena kundichotsera pa malipiro a mwezi uno.
>
> Ngati pakufunika kuti wina abwere kudzaona, chonde abwere madzulo, chifukwa masana sadzapeza vuto lililonse.
>
> Ndine wanu,
> dzina, nambala ya foni, ndi malo okhala

Taonani zimene uthengawu wachita. Funso lililonse limene wolandira foni amafunsa layankhidwa asanalifunse: rauta inazimitsidwa kale, si waifai, si bandulo, si siginolo. Mzere wa 06:30 ndi umene watseka pakamwa aliyense wofuna kunena kuti rauta yanu ndi yakale, chifukwa rauta yomweyo imafika pa 18 m'mawa uliwonse. Chiganizo chomaliza chija musachisiye. Ndaonapo amisiri akubwera 10 koloko m'mawa, n'kuyeza, n'kupeza zonse zili bwino, n'kulemba kuti vuto latha.

Taonaninso zimene mulibe. Mulibe mawu akuti mbava, mulibe kuopseza kuti muwanyoza pa Facebook, ndipo simunanene motsimikiza kuti nsanja yadzaza, mwangoika manambala n'kupempha kuti akaone. Mkwiyo wanu ndi womveka, ndalama zake n'zowawa, koma amene adzawerenge uthengawo si amene anamanga nsanja. Musabisenso manambala abwino pofuna kuti zioneke zoipa kwambiri. Kampani ili ndi zolemba zakezake, ndipo akapeza kuti mwasankha oipa okhaokha amakayikira onse.

Chinthu chimodzi chimene adzakuyankheni n'chakuti bandulo yalembedwa kuti liwiro "limafika" 20, osati kuti ndi 20 nthawi zonse. N'zoona, mabandulo ambiri a m'nyumba salonjeza liwiro lokhazikika, ndipo kulandira 12 kapena 13 masana si nkhani yolembera kalata. Ichi n'chifukwa chake uthengawu sukudandaula za 13:00. Ukuloza pa maola anayi a tsiku lililonse pomwe intaneti siigwira ntchito imene munaigulira. Ngati ndinu a bizinesi ndipo munasaina mgwirizano wolonjeza liwiro lokhazikika, tchulani ndime yake mu uthengawo.

Musatumize pasiwedi ya waifai, ya tsamba la rauta kapena nambala yachinsinsi ya ndalama za pa foni. Woona dandaulo lanu safuna zimenezi, ndipo wina akakuimbirani n'kuzipempha, dulani foni.

## Mwalemba koma zinthu sizikuyenda

Sakuyankha. Kawirikawiri uthenga unapita ku adiresi yolakwika kapena unalibe nambala ya akaunti. Imbani foni, funsani ngati aulandira, mupemphe nambala ya dandaulo. Kapena sindikizani makope awiri mupite nawo ku ofesi yawo, akudindireni imodzi mubwere nayo.

Atseka dandaulo vuto lisanathe. Yezaninso mausiku atatu pa nthawi yomwe ija, mutumize manambala atsopano poyankha uthenga wakale womwewo, kuti mbiri yonse ikhale pamodzi. Musayambe dandaulo latsopano.

Avomera kuti nsanja yadzaza koma sakunena tsiku lokonza. Yankho ili n'lamtengo wapatali, lisungeni. Kuwonjezera mphamvu pa nsanja kumatenga miyezi, ndiye bwerekani simukadi ya kampani ina, muyeze pa 20:30 pamalo omwewo, muone ngati kusamuka kungathandize musanagule bandulo ya mwezi wina.

Masabata adutsa popanda chochitika. Ku Malawi kuno bungwe la MACRA, loyang'anira ntchito za mauthenga motsatira lamulo la 2016, limalandira madandaulo a makasitomala. Ku Zambia ntchito yomweyo ili m'manja mwa ZICTA. Pitani kumeneko mutayamba mwapatsa kampani mpata, ndipo tengani uthenga wanu, nambala ya dandaulo, mayankho awo, malisiti ndi zithunzi zija.

## Pomwe muyenera kuleka n'kuitana odziwa

- Nyali ya `LOS` yafiira kapena kachingwe ka faiba kaduka. Musayese kulumikiza ndi tepi, ndipo musasuzumire kunsonga kwake. Kuwala kwa mkatimo sikuoneka ndi maso koma kukhoza kuvulaza diso.
- Mlongoti uli padenga kapena pa chitsulo chachitali. Musakwere nokha, makamaka nyengo ya mvula kapena ngati mawaya a magetsi adutsa pafupi.
- Rauta kapena chaja yake ikutentha kwambiri, ikununkha chopserera, kapena yasiya kugwira bwino ntchito kutagwa mphenzi. Izuleni pa magetsi.
- Mwaganiza zodina kabatani ka m'kabowo kolembedwa `Reset`. Pa marauta ambiri oikidwa ndi kampani, kutero kumafufuta zonse zimene mmisiri analowetsamo, ndipo intaneti imene inkakwawa ija imaimiratu mpaka iye atabwera.
- Bokosi la pa mtengo wa mawaya kapena la panja pa mpanda ndi la kampani. Likatseguka kapena chingwe chikalendewera, lijambuleni muli pansi, muike chithunzicho pa uthenga wanu pamodzi ndi chizindikiro cha malo, monga dzina la tchalitchi kapena sukulu yapafupi.